Woimbidwa mlandu ndi wosalakwa mpaka khoti ligamule: zimene lamulo lifuna kwa oimira boma ndi oweruza

Malamulo Aakulu a dziko la Mozambiki, amene anakhazikitsidwa mu 2004 ndi kukonzedwanso mu 2018, amanena pa ndime 59 kuti munthu woimbidwa mlandu amatengedwa kuti ndi wosalakwa mpaka khoti litapereka chigamulo chomaliza. Mfundo yomweyi ili pa ndime 11 ya Chikalata cha Ufulu wa Anthu Onse cha mu 1948, komanso pa ndime 7 ya Pangano la Ufulu wa Anthu la mayiko a mu Afirika la mu 1981. Momwe mfundoyi imagwirira ntchito tsiku ndi tsiku zalembedwa m'lamulo la kazengedwe ka milandu, Lamulo nambala 25/2019, limene linalowa m'malo mwa lamulo lakale la nthawi ya Apwitikizi la mu 1929.

Kumidzi ya m'malire, monga ku Angonia, Tsangano, Makanga ndi Chifunde, mfundoyi imamveka kwambiri pa milandu ya kuba ziweto. Ng'ombe ikasowa m'khola, mwiniwake amakhala kuti wataya khasu lake, ngolo yake ndi banki yake tsiku limodzi, ndipo mudzi wonse umafuna kuti wina apezeke msanga. Nthawi ngati imeneyo ndi pamene munthu wosalakwa amapsera mosavuta. N'chifukwa chake nkhani ino ikulongosola mfundoyi potsata mlandu wa ng'ombe kuyambira tsiku lomangidwa mpaka tsiku la chigamulo.

Tanthauzo la mawu akuti chigamulo chomaliza

Kumangidwa ndi apolisi si chigamulo. Kulembedwa mlandu ndi woimira boma si chigamulo. Ngakhale chilango chimene khoti la pa boma lapereka sichikhala chomaliza ngati woimbidwa mlandu wachita apilo m'masiku amene lamulo limalola. Apilo imakwera kuchoka ku khoti la pa boma kupita ku makhoti akuluakulu, monga khoti la chigawo, khoti la apilo ndi Khoti Lalikulu la dziko ku Maputo, malinga ndi kukula kwa mlanduwo. Chigamulo chimasanduka chomaliza pamene nthawi ya apilo yatha wina osadandaula, kapena pamene khoti lomaliza kumva nkhaniyo lagamula. Mpaka tsiku limenelo, pamaso pa lamulo munthuyo ndi woimbidwa mlandu chabe, amene pa Chipwitikizi amatchedwa arigwidu.

Mfundoyi ili ndi mbali ziwiri. Mbali yoyamba ndi ya umboni: munthu sangapatsidwe chilango popanda umboni wochotsa chikayiko, ndipo si iye amene ayenera kutsimikiza kuti sanalakwe. Mbali yachiwiri ndi ya kasungidwe ka munthu: pamene mlandu uli mkati, sayenera kuchitidwa ngati wolakwa kale, kaya pomutsekera popanda chifukwa, pomumenya, kapena pomulengeza kuti ndi mbala.

Katundu wa umboni ali pa phewa la yani

Akuluakulu amati wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko. Pa mlandu wa upandu, amene wamva m'mimba ndi boma, chifukwa ndilo likufuna kulanda munthu ufulu wake. Choncho boma, kudzera mwa woimira boma pa milandu amene ambiri amamutcha pulokuradolo, ndilo liyenera kusonyeza kuti cholakwa chinachitikadi, kuti anachichita ndi munthu amene waima m'khotiyo, ndiponso kuti anachichita akudziwa chimene akuchita.

Woimbidwa mlandu ali ndi ufulu wokhala chete pa mafunso okhudza mlanduwo, ndipo kukhala chete kwakeko sikuwerengedwa ngati kuvomera. Chimene ayenera kuyankha moona ndi mafunso omuzindikiritsa, monga dzina, makolo ndi kumene amakhala. Salumbiritsidwa ngati mboni. Akafuna kulankhula kapena kubweretsa mboni zake, amatero kuti athandize mbali yake, koma akalephera kutsimikiza nkhani yake, kulepherako sikudzaza mipata imene ili mu umboni wa boma.

Chifukwa chake n'chakuti mbali ziwirizi sizilingana mphamvu. Boma lili ndi apolisi a PRM, ofufuza milandu a SERNIC, magalimoto ndi mphamvu yoitanitsa mboni. Mlimi amene ali m'chitokosi sangathe ngakhale kupita ku msika kukafunafuna munthu amene anamugulitsa ng'ombe. Komanso kutsimikiza kuti chinthu sichinachitike n'kovuta kuposa kutsimikiza kuti chinachitika: munthu amene anagona yekha m'dimba kulondera mbatatesi zake alibe mboni yonena kuti sanachoke usiku wonse.

Mlandu wongoyerekeza

Mlandu uwu ndi chitsanzo chabe, koma wofanana ndi imene imafika m'makhoti a m'malire. Usiku wa Lolemba ng'ombe ziwiri zapangolo zasowa m'khola la mlimi wina. Lachinayi m'mawa, mwini ng'ombe ndi abale ake apeza imodzi mwa izo m'khola la mnyamata wina, pa mudzi umene uli pa mtunda wa makilomita 15, kufupi ndi malire. Amumanga ndi chingwe, amumenya mpaka avomera, kenaka akamusiya kupolisi 10 koloko m'mawa.

Zimene zikuloza mnyamatayo ndi zisanu. Ng'ombe yapezeka m'khola lake. Mnansi wa mwini ng'ombe akuti Lolemba usiku anaona munthu akukusa ng'ombe ziwiri chapatali, pa mtunda wa mamita 50, ndipo akuti msinkhu wake unali ngati wa mnyamatayo. Mayi wina akuti anamva kuchigayo kuti wakuba ndi yemweyo. Mnyamatayo anavomera pamaso pa khamu. Chomaliza, zaka zinayi zapitazo anapezeka wolakwa pa mlandu woba mbuzi.

Iye akuti ng'ombeyo anaigula Lachitatu pa msika kwa wogulitsa wina amene sakudziwa kwawo, pa mtengo wa mametikali 18,000, ndalama zimene anapeza atagulitsa matumba 20 a mbatatesi pa mametikali 900 thumba limodzi. Alibe kalata ya malonda kapena giya, chiphaso choyendetsera ziweto. Akutinso Lolemba usiku anagona pa maliro kumudzi kwa mkazi wake.

Maola 48 oyamba ndi woweruza woyang'anira kafukufuku

Munthu womangidwa ayenera kuonekera pamaso pa woweruza pasanathe maola 48. Pa mlandu uwu nthawiyo ikutha Loweruka 10 koloko m'mawa. Ndime 64 ya Malamulo Aakulu imati woweruza yekha ndiye ali ndi mphamvu yovomereza kumangidwako ndi kulamula kuti munthu apitirire kusungidwa. Imatinso womangidwa auzidwe nthawi yomweyo, m'njira imene angamve, chifukwa chimene wamangidwira ndi ufulu umene ali nawo, ndiponso kuti wachibale kapena munthu amene iye amamukhulupirira adziwitsidwe za chigamulo chomusunga.

Funso loyamba la woweruza ndi lakuti kodi kumangidwako kunali kololedwa. Munthu wamba angathe kugwira wina amene wamupeza ali mkati mochita upandu, kapena atangochita kumene, ngati palibe wapolisi pafupi, koma ayenera kumupereka kwa akuluakulu a boma nthawi yomweyo. Kupatula pamenepo, kumanga munthu kumafuna chikalata cha woweruza. Mu 2013 bwalo loona za Malamulo Aakulu a dziko linagamula, pa chigamulo nambala 4/CC/2013, kuti apolisi ndi oimira boma alibe mphamvu yolamula okha kuti munthu atsekeredwe podikira mlandu ngati sanagwidwe ali mkati mochita. Mnyamata wa m'chitsanzochi wapezeka ndi ng'ombe patapita masiku atatu, choncho n'kovuta kunena kuti anagwidwa ali mkati mwakuba. Ng'ombeyo ingathe kulandidwa ndi kusungidwa ngati umboni, koma za kutsekera munthuyo ndi za woweruza.

Funso lachiwiri ndi lakuti munthuyo adikire mlandu ali kuti. Poti ndi wosalakwa pamaso pa lamulo, poyambira ndi pakuti adikire ali kwawo. Lamulo lili ndi masitepe. Lotsikitsitsa ndi kusaina chikalata chonena dzina ndi kumene amakhala, ndi lonjezo losasamuka popanda kudziwitsa khoti. Pamwamba pake pali kukaonekera kupolisi kapena kukhoti masiku oikika, ndiponso belo ya ndalama, imene pa Chipwitikizi ndi kawusawu. Kutsekera m'ndende podikira mlandu ndi sitepe yomaliza, yogwiritsidwa ntchito pokhapokha zinazo zikaoneka kuti sizikwanira.

Kuti afike pa sitepe yomalizayo, woweruza ayenera kupeza zizindikiro zamphamvu za upandu waukulu wochita mwadala, komanso chiopsezo chenicheni chakuti munthuyo athawa, asokoneza umboni kapena mboni, apitiriza upandu kapena asokoneza bata. Chiopsezocho chiyenera kuchokera pa zochita za munthuyo. Kukhala kufupi ndi malire a Malawi pakokha si umboni wakuti munthu athawa, pakuti zikanatero ndiye kuti aliyense wa ku Domwe kapena ku Zobwe akanamadikirira mlandu ali m'ndende. Woweruza amayang'ana ngati munthuyo ali ndi munda, banja ndi nyumba pamalopo, ngati anayamba wathawapo, ndi ngati waopseza mboni. Nayonso belo iyenera kulingana ndi zimene munthuyo angakwanitse, chifukwa belo yoposa zokolola za chaka chonse ndi kutsekera komweko kovala dzina lina.

Zimene lamulo lifuna kwa woimira boma

Woimira boma ndiye amatsogolera kafukufuku, mothandizidwa ndi a SERNIC. Iye si loya wa mwini ng'ombe. Ntchito yake ndi kuteteza lamulo ndi kupeza choonadi, ndipo ayenera kufufuza zimene zikuloza woimbidwa mlandu pamodzi ndi zimene zingamumasule. Lamulo limamulola ngakhale kuchita apilo mokomera woimbidwa mlandu ngati waona kuti khoti lalakwitsa.

Pa mlandu wa ng'ombewu, zimenezi zikutanthauza ntchito yooneka ndi maso. Choyamba ndi kutsimikiza kuti ng'ombeyo ndi ya wodandaulayo, poona chidindo, kadulidwe ka khutu, mabala kapena zolemba za a zaziweto, osangodalira mtundu wa ubweya, popeza ng'ombe zofiira za mphumi yoyera zili m'makola ambiri. Chachiwiri ndi kutumiza ofufuza kumudzi kumene kunali maliro kukafunsa anyakwawa ndi anthu amene anagona pasiwa. Chachitatu ndi kupita ku msika kukafunsa okhometsa msonkho ndi ogulitsa ena ngati Lachitatu kunagulitsidwa ng'ombe yotere. Chachinayi ndi kufufuza amene anagula mbatatesi zija. Woimira boma amene wamva za maliro koma osatumako munthu wasiya theka la ntchito yake, ndipo pakapita miyezi mboni zimaiwala kapena kusamuka.

Ayeneranso kusefa umboni wosaloledwa. Ndime 65 ya Malamulo Aakulu imati umboni wonse wopezedwa pozunza, pokakamiza, povulaza thupi kapena maganizo a munthu, kapena polowerera mosayenera m'nyumba ndi m'makalata ake, ndi wopanda ntchito. Kuvomera kwa mnyamata amene wamangidwa chingwe akumenyedwa kuli m'gulu limeneli. Chifukwa chake si chifundo chokha: munthu womva ululu amavomera chilichonse kuti ndodo ileke, ndipo kuvomera koteroko sikuuza khoti amene anatsegula khola. Amene anamumenyawo nawonso angathe kuimbidwa mlandu wovulaza munthu.

Kafukufuku akatha, woimira boma amasankha pakati pa njira ziwiri. Ngati pali zizindikiro zokwanira, kutanthauza kuti pali mwayi womveka wakuti khoti lidzapeza munthuyo wolakwa, amalemba chikalata choimba mlandu chonena zimene zinachitika, tsiku, malo, lamulo limene laswedwa ndi umboni umene ulipo. Ngati palibe, amatseka fayilo. Kutumiza mlandu wofooka kukhoti n'cholinga choti mudzi ukhale chete, kapena poganiza kuti woweruza akaona yekha, n'kuphwanya mfundoyi, chifukwa kumasunga munthu pa mlandu miyezi yambiri nthawi ya dzinja ikudutsa.

Kalankhulidwe nakonso n'kofunika. Wogwira ntchito m'boma akamalankhula ndi atolankhani angathe kunena kuti munthu wamangidwa pomuganizira kuti anaba ng'ombe, koma osati kuti agwira mbala. Kuimika womangidwa pamaso pa makamera atanyamula katundu amene akumuganizira kuti anaba kumamupatsa chilango khoti lisanamve mlandu, ndipo dzina limenelo silichoka ngakhale atadzamasulidwa. Wailesi ndi nyuzipepala zili ndi udindo womwewo posankha mawu.

Zimene lamulo lifuna kwa woweruza mlandu

Woweruza amayamba mlandu ali wopanda mbali, ndipo amamanga chigamulo chake pa umboni umene waperekedwa kapena kuunikidwa m'bwalo, pamene woimbidwa mlandu ndi womuteteza ali ndi mpata woufunsa ndi kuutsutsa. Zimene wamva pa wailesi, ku tchalitchi kapena kwa anthu amene adzaza panja pa khoti si umboni. Kumene kuli oweruza osankhidwa, amene amathandiza kuunika zimene zinachitika pa mlandu ukamamvedwa koyamba, lamulo lomweli limawamanganso, ngakhale atakhala kuti amadziwa mabanja onse awiri.

Asanayambe, woweruza ayenera kuonetsetsa kuti woimbidwa mlandu ali ndi womuteteza. Ndime 62 imapatsa munthu ufulu wosankha loya, ndipo wosauka ayenera kuthandizidwa ndi boma, ntchito imene imagwiridwa ndi bungwe la IPAJ. Makhoti amagwiritsa ntchito Chipwitikizi, choncho munthu wosachimva bwino ayenera kupatsidwa womasulira popanda kulipira. Pa mlandu ngati uwu, kusiyana kwa mawu akuti "ndinaitenga ku msika" ndi akuti "ndinaitenga m'khola" kungathe kukhala kusiyana kwa ufulu ndi ndende.

Kenaka woweruza amayeza umboni uliwonse pawokha. Kuvomera kwa pa chingwe kwachotsedwa kale. Mawu a mayi wa kuchigayo ndi zakumva: mboni imanena zimene inaona kapena kuzidziwa yokha, ndipo ikanena kuti inamva kwa wina, khoti liyenera kuitana winayo. Ngati mayiyo sangatchule amene anamuuza, mawu ake ndi mphekesera ndipo sawerengedwa. Mlandu wakale wa mbuzi ungathe kukhudza kukula kwa chilango ngati munthuyo atapezeka wolakwa, koma susonyeza kumene iye anali Lolemba usiku.

Umboni wa mnansi umafuna mafunso ambiri. Kodi kunali mwezi kapena mdima? Anaona nkhope kapena msana? Amamudziwa kale mnyamatayo? Anatchula dzina lake Lachiwiri m'mawa, kapena analitchula ng'ombe itapezeka Lachinayi? Mboni yoona mtima imathanso kulakwitsa, makamaka ikaonetsedwa munthu mmodzi womangidwa n'kufunsidwa ngati ndi yemweyo. N'chifukwa chake njira yoyenera yozindikiritsira munthu ndi yakuti mboni iyambe yafotokoza maonekedwe ake, kenaka, ngati pali chikayiko, imusankhe pakati pa anthu ena ofanana naye.

Chotsala ndi ng'ombe imene yapezeka m'khola. Umenewu ndi umboni wolemera, koma umatsimikiza chinthu chimodzi chokha, kuti Lachinayi ng'ombe inali kwa mnyamatayo. Sunena kuti inafika bwanji. M'masiku atatu chiweto chobedwa chingathe kudutsa m'manja mwa anthu awiri kapena atatu. Kusowa kwa giya kumakayikitsa, ndipo kungakhale kuphwanya malamulo a kayendetsedwe ka ziweto, koma kusoweka kwa pepala sikutsimikiza kuti munthu anathyola khola. Woweruza ali ndi mphamvu yoitanitsa yekha umboni wina ngati waona kuti ungathandize kupeza choonadi, monga kuitana nyakwawa wa kumaliro kuja. Ngati anthu atatu a kumaliro anena kuti anali naye mpaka mbandakucha, ndipo wogula mbatatesi avomereza za matumba 20, nkhani ya mnyamatayo ikukhala yotheka.

Apa ndi pamene lamulo la chikayiko limalowa: umboni wonse ukamvedwa, ngati patsala chikayiko chomveka pa zimene zinachitika, chikayikocho chimakomera woimbidwa mlandu. Woweruza safunika kukhulupirira kuti mnyamatayo akunena zoona. N'zokwanira kuti nkhani yake ndi yotheka ndipo boma lalephera kuigwetsa. Palibenso njira yapakati, yoti poti woweruza akukayika apereke chilango chochepa. Wokayika amamasula.

Chikayiko chomveka si chikayiko chilichonse chimene munthu angachiganize. Chiyenera kukhala ndi chifukwa chochokera mu umboni kapena m'mipata yake. Mlandu womwewu ungathe mosiyana ngati chikopa cha ng'ombe yachiwiri chapezeka chokwiriridwa kuseri kwa nyumba ya mnyamatayo, goli la mwini ng'ombe lapezeka m'nkhokwe yake, anthu a kumaliro anena kuti anachoka chakumadzulo, ndipo okhometsa msonkho anena kuti Lachitatu sikunabwere ng'ombe pa msikawo. Palibe amene anamuona akutsegula khola, koma zizindikiro zambiri zogwirizana, zoloza kumodzi, zingathe kuchotsa chikayiko. Palinso mlandu wina wolandira kapena kugula katundu wobedwa, koma nawo umafuna umboni wakewake wa zimene wogulayo ankadziwa pogula.

Chigamulo chiyenera kulembedwa ndi zifukwa zake: mfundo zimene zatsimikizidwa, zimene sizinatsimikizidwe, ndi umboni umene wachititsa khoti kukhulupirira. Zifukwa zimenezi ndi zimene khoti la apilo limaunika.

Zizindikiro zakuti mfundoyi yaphwanyidwa

Pali zinthu zimene wachibale wa womangidwa angathe kuziona yekha. Maola 48 adutsa munthu asanaonekere kwa woweruza. Munthu wasungidwa podikira mlandu kupitirira nthawi imene lamulo limaika, pakuti gawo lililonse la mlandu lili ndi malire ake. Chigamulo chili ndi mawu onga akuti woimbidwa mlandu walephera kutsimikiza kuti anagula ng'ombeyo, popanda kusonyeza umboni wakuti anaba, zimene zikutanthauza kuti katundu wa umboni wasamutsidwira pa phewa lolakwika. Chigamulo chatsamira pa kukhala chete kwake, pa mbiri yake kapena pa kuvomera kumene iye akuti anakakamizidwa, khoti osafufuza za kukakamizako. Kapena m'malo mwa woganiziridwa amene sakupezeka, wamangidwa mkazi wake, bambo ake kapena m'bale wake, chonsecho mlandu wa upandu ndi wa munthu amene anauchita ndipo chilango sichisamukira kwa wina.

Njira zodandaulira zilipo. Munthu wotsekeredwa mosatsata lamulo ali ndi ufulu, pa ndime 66, wopempha khoti kuti limutulutse, pempho lotchedwa habeyasi koripusi, ndipo khoti liyenera kuyankha pasanathe masiku 8. Chigamulo cholakwika chimatsutsidwa ndi apilo, imene ili ndi masiku owerengeka, choncho womuteteza ayenera kuuzidwa msanga. Ndime 58 imapatsa munthu ufulu wofuna chipukutamisozi ngati ufulu wake waphwanyidwa, ndipo boma limayankha pa zolakwa za antchito ake pa ntchito yawo.

Malire a mfundoyi

Kutengedwa ngati wosalakwa sikuletsa kufufuza, kusecha ndi chilolezo, kulanda katundu ngati umboni kapena kusunga munthu pamene zifukwa za lamulo zakwanira. Masiku amene munthu wakhala m'ndende podikira mlandu amachotseredwa pa chilango chake ngati wapezeka wolakwa. Kumasulidwa sikutanthauza kuti wodandaula ananama kapena kuti ng'ombe sinabedwe. Kumatanthauza kuti sizinatsimikizidwe kuti wakuba ndi ameneyu. Ng'ombe imene yatsimikizidwa kuti ndi ya wodandaula imabwerera kwa mwiniwake, ndipo wogula amene anataya ndalama amatsala ndi nkhani ndi amene anamugulitsa. Komanso munthu amene mlandu wake wagamulidwa komaliza sangazengedwenso kachiwiri pa mlandu womwewo, monga imanenera ndime 59 yomweyo.

Mabwalo a m'midzi amene anakhazikitsidwa ndi Lamulo nambala 4/92 amathandiza pa mikangano ing'onoing'ono ndi kuyanjanitsa anthu, koma alibe mphamvu yotsekera munthu m'ndende. Mafumu ndi magulu olondera m'mudzi angathe kuthandiza potsata mapazi a ziweto, posunga umboni ndi popereka woganiziridwa kupolisi ali wamoyo ndi wosavulazidwa. Kumumenya, kumuotchera nyumba kapena kumupha ndi upandu umene lamulo limalanga, ndipo Mozambiki ilibe chilango cha imfa ngakhale kwa munthu amene khoti lamupeza wolakwa.

Mfundoyi siyang'ana chiphaso cha dziko. Mmalawi kapena Mzambiya womangidwa ku Ulongwe kapena ku Kasakatiza amatetezedwa ndi ndime 59 mofanana ndi mwini dziko. Tsidya linalo, Malamulo Aakulu a Malawi pa ndime 42 amanenanso za kutengedwa ngati wosalakwa, ufulu wokhala chete ndi kuonekera kukhoti pasanathe maola 48, ndipo a Zambia amanena za kutengedwa ngati wosalakwa pa ndime 18. Mlandu umazengedwa motsata malamulo a dziko limene khotilo lili, ndipo woganiziridwa sawolotsidwa malire ndi anthu wamba, koma kudzera mwa akuluakulu a mayiko awiriwo.

Kwa alimi, zimene zimathandiza khoti kupeza choonadi ndi zinthu zimene zimakonzedwa mlandu usanabwere. Woweta amene ziweto zake zili ndi chidindo ndipo zinalembedwa kwa a zaziweto amatsimikiza umwini wake mosavuta, ndipo akafulumira kukanena kupolisi tsiku lomwelo, mapazi ndi mboni zimakhala zisanazizire. Wogula amene walembetsa kalata ya malonda yokhala ndi dzina la wogulitsa, tsiku, mtengo, maonekedwe a chiweto ndi mboni ziwiri, n'kutenganso giya, lamulo silimukakamiza kutsimikiza kuti ndi wosalakwa, koma mapepala amenewo amafupikitsa kafukufuku ndi kulozera ofufuza kwa munthu amene anabweretsa ng'ombeyo pa msika.